Mankhwala Atsala Theka: Kodi Theka Lina Litenga Nthawi Yanji?

Mankhwala akamasanduka chinthu china, liwiro la kusandukako limadalira kuchuluka kwa mankhwala otsala. M'gulu loyamba, mankhwala akachuluka kawiri liwiro limakweranso kawiri. M'gulu lachiwiri limakwera kanayi.

Mu lita imodzi ya madzi muli mamolo 0.80 a mankhwala A, ndipo pakutha pa mphindi 20 atsala 0.40. Nanga pa mphindi 60 atsala angati? Miyezo iwiriyi payokha siulula gulu, choncho magulu onse ayenera kuyesedwa.

Lamulo la gulu loyamba ndi ln[A] = ln[A]₀ − kt, ndipo nthawi yofikira theka ndi t½ = 0.693/k. Apa k ndi 0.0347 pa mphindi. Kuchuluka koyambira sikupezeka m'samu ya thekayi, motero mphindi 20 zilizonse mankhwala amagawika pakati: 0.40, kenako 0.20, ndipo pa mphindi 60 atsala 0.10.

Gulu lachiwiri limatsata 1/[A] = 1/[A]₀ + kt, pamene t½ = 1/(k[A]₀). Theka loyamba likupereka k = 1/(0.80 × 20) = 0.0625. Pa mphindi 60, 1/[A] = 1.25 + 3.75 = 5.0, kutanthauza kuti atsala 0.20, kuwirikiza kawiri yankho loyamba lija. Chifukwa chake n'chakuti nthawi zambiri tizidutswa tiwiri ta A timayenera kugundana, ndipo tikamachepa timakumana mwa apo ndi apo. Theka lachiwiri latenga mphindi 40, lachitatu litenga 80.

Ophunzira ambiri amaphonya pamenepa pogawa pakati mphindi 20 zilizonse osayamba afufuza gulu. Muyezo wachitatu pa mphindi 40 umathetsa nkhani: 0.20 ndi gulu loyamba, pafupifupi 0.27 ndi lachiwiri.