Mawu odukiza amene amapatsa nthano moyo

Nthano zambiri za alembi ongoyamba kumene zimafera pamene atengambali atsegula pakamwa. Aliyense amayankhula chiganizo chathunthu, mnzake n'kudikira mwaulemu mpaka atamaliza, ngati ali pabwalo la milandu kwa amfumu. Komatu pakhomo anthu sayankhulana choncho. Amadulana mawu, amazemba mafunso, ndipo nkhani ikafika powawa amaisiya m'malere.

Tiyeni tione banja lina lam'nthano. Agulitsa soya, koma ndalama sizikuoneka. Mlembi wofulumira angalembe motere:

"Bambo a Chikondi, ndikufuna kudziwa kumene mwapititsa ndalama zimene tinapeza titagulitsa soya, chifukwa mwana wathu wabwezedwa kusukulu."

"Ndalamazo ndinabwereketsa mchimwene wanga chifukwa mkazi wake akudwala."

Chichewa chake n'cholondola, koma anthuwa akuuza wowerenga m'malo moyankhulana okhaokha. Mayi sangafotokozere mwamuna wake kuti ndalama zinachokera ku soya amene anapunthira limodzi. Tsopano tamverani izi:

"Bambo a Chikondi, zija za soya zija—"

"Madzi osamba mwatereka?"

"Ndatereka. Komatu mwana wabwezedwa kusukulu."

"Ndamuona."

"Ndiye ndimati mwina..."

Bamboyo anapitiriza kumasula zingwe za nsapato.

"Achimwene anabwera Lachiwiri. Akazi awo aja agonekedwa kuchipatala, ndiye ine..."

"Zonse?"

"Mayi a Chikondi—"

"Ndati zonse?"

Pano pali kuduka kwa mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi chizindikiro chake. Kamzere kopingasa kamasonyeza kuti munthu wadulidwa ndi mnzake mawu akadali m'kamwa. Timadontho titatu timasonyeza kuti wasiya yekha chifukwa cha manyazi, mantha kapena ulemu. Mayi akuti "ndimati mwina..." palibe wamuletsa, akungoopa kutchula mawu oti ndalama pamaso pa mwamuna wake. Mukasokoneza zizindikiro ziwirizi, wowerenga samva ngati munthuyo waponderezedwa kapena wadzigwira yekha.

Kamzere kali ndi lamulo lake: wodulayo ayankhule nthawi yomweyo. Mukaika pakati chiganizo chonga "anatero mayiyo akuyang'ana pansi mwachisoni," liwiro lonse latha, ndipo kudulako sikumvekanso. Timadontho tokha ndi timene timalola kachetechete. N'chifukwa chake zingwe za nsapato zabwera pambuyo pa "mwina...", kuti wowerenga adikire yankho limodzi ndi mayiyo.

Malo odulirapo nawo ndi osankha. Dulani pamene wowerenga wamva kale zokwanira kuti amalize yekha chiganizocho. "Zija za soya zija" n'zokwanira: tikudziwa kuti funso likubwera, ndipo bamboyo akudziwanso, n'chifukwa chake wathawira ku madzi osamba. Mukadula pa "Bambo a Chikondi, ine" wowerenga sagwirapo kanthu.

Chachikulu koposa ndi ichi: amene akudula mnzake ndiye ali ndi mphamvu pa nthawiyo. Poyamba bambo ndiye akudula. Pomaliza zatembenuka, mayi ndiye wadula bambo, ndipo mlembi sanafunikire kulemba kuti "anakwiya kwambiri." Mawu amodzi oti "Zonse?" agwira ntchito imeneyo. Kwathu kuno zimenezi zimalemera kwambiri, chifukwa mwana sadula mawu a bambo ake, ndipo mkamwini sayankhula apongozi ake asanamalize. Ngati m'nthano yanu mtsikana wadula agogo ake pakati pa mawu, chimenecho n'chochitika chachikulu, ndipo wina m'nyumbamo ayenera kudzidzimuka. Akapanda kutero, wowerenga amadziwa kuti mlembi sanamvetsere bwino anthu ake.

Pali malire. Mukajambula pafoni macheza a m'minibasi n'kuwalemba liwu ndi liwu, mudzapeza "eti," "aaa," "ndiye kuti" ndi "basi" ambirimbiri, ndipo palibe angawerenge tsamba lonse. Nthano imasankha. Mpatseni mtengambali mmodzi "eti" wake, wina "kaya," osati onse zonse. Timadontho natonso tikadzaza mzere uliwonse, aliyense amamveka ngati wabanika. M'chitsanzo chathu muja mizere yodukiza ndi inayi yokha, ndipo ikumveka chifukwa yazunguliridwa ndi mayankho achidule, olimba, monga "Ndamuona."

Kuti mudziwe ngati zatheka, chitani zimene ochita masewero a pawailesi amachita: pezani anthu awiri awerenge mokweza, aliyense mbali yake. Wowerenga akapuma pakati pa mzere kuti akoke mpweya, chiganizocho chatalika. Akawonjezera yekha "komatu" kapena "paja" pamene simunalembe, lembani momwe wanenera. Kenako phimbani mayina n'kufunsa munthu wachitatu kuti akuyankhula ndani. Akalephera kusiyanitsa mayi ndi bambo, ndiye kuti onse awiri akuyankhulabe ndi mawu anu, ndipo ndimeyo ikufunika kulembedwanso.