Kamera ikapanda kujambula gwape, kodi gwapeyo kulibe?

M'nkhalango ya Mwanihana, kumapiri a Udzungwa ku Tanzania, akatswiri a nyama zakuthengo anayamba mu 2009 kutchera makamera pamalo 60 chilimwe chilichonse. Kamera imodzi imaimira dera la masikweya kilomita awiri. Amaimangirira patsinde la mtengo, m'munsi ndithu cha m'mawondo, moyang'ana kanjira ka nyama, ndipo imakhala pamenepo masiku osachepera 30 popanda nyambo. Nyama ikadutsa, kutentha kwa thupi lake ndi kuyenda kwakeko zimadzutsa kamera, iyo n'kujambula usana kaya usiku. Katcheredwe kameneka n'ka bungwe la TEAM, lomwe linkachita chimodzimodzi m'nkhalango zina za mu Africa, Asia ndi kumwera kwa America. Chaka choyambacho, gulu la Francesco Rovero linajambula mitundu 26 ya nyama zoyamwitsa. M'mapiri omwewa, mu 2005, kamera yotchera inali itajambulanso mtundu wa sakhwi wamkulu wa nkhope yotuwa umene asayansi sankaudziwa.

Zithunzi zotere n'zimene anthu amakonda kuona. Koma mutu umawawa pa makamera amene abwera opanda chithunzi cha nyama yomwe ukuifuna. Kamera ikajambula gwape, nkhani yatha: gwape alipo. Ikapanda kumujambula, pali zinthu ziwiri. Mwina kuderalo kulibedi gwape, mwinanso alipo koma ankadutsa kuseri kwa mtengo, kapena mwezi umenewo ankadya tsidya lina la kamtsinje. Zili ngati kupita kwa mnzako n'kupeza chitseko chotseka. Ulendo umodzi sungakuuze ngati anasamuka kapena wangopita kumunda, koma ukabwerako kasanu, komanso ukadziwa kuti anthu a m'mudzimo umawapeza pakhomo kangati, umayamba kukhala ndi poyambira.

Maganizo amenewa anawaika m'masamu ndi Darryl MacKenzie wa ku New Zealand ndi anzake, m'nkhani yomwe inatuluka mu 2002 m'magazini ya sayansi yotchedwa Ecology. Iwo anayesera njirayi pa achule a m'madambo a ku Maryland ku America, koma otchera makamera anailandira msanga. Njirayi imalekanitsa manambala awiri. Yoyamba, imene amailemba ndi chilembo cha Chigiriki ψ, ndi gawo la malo onse amene nyamayo ilipodi. Yachiwiri, p, ndi mwayi woti kamera iijambule pa nthawi imodzi yoyang'ana, ngati pamalopo ilipo.

Kuti p adziwike, pamafunika kuyang'ana malo amodzimodzi kangapo. Apa kamera ili ndi ubwino wake, chifukwa munthu sachita kubwererako. Masiku 30 aja amangowadula m'zigawo, tinene zisanu za masiku 6. Chigawo chimene gwape waonekamo, kaya kamodzi kaya ka 40, amalemba 1. Chimene sanaonekemo amalemba 0. Kamera iliyonse imatsala ndi kamzere ka manambala asanu, monga 01001 kapena 00000. Zithunzi masauzande zimathera pa timizere timeneti.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka, osati a ku Mwanihana. Pa makamera 60, gwape waonekera pa makamera 25, ndipo pa 35 otsalawo pali maziro okhaokha. Wothamanga anganene kuti gwape ali pa malo 25 mwa 60, kapena 42 pa 100 alionse. Koma tayang'anani timizere ta makamera 25 aja. Onse pamodzi ali ndi zigawo 125, ndipo ma 1 alimo 45 okha. Ndiye kuti ngakhale pamalo pamene tikudziwa bwino kuti gwape alipo, kamera imamuphonya kawirikawiri kuposa mmene imamupezera. Nanga kamera imene imaphonya chotere ingalephere bwanji kuphonya kasanu motsatizana penapake?

Tikagawa 45 ndi 125 tipeza 0.36, koma nambala imeneyi yakwera pang'ono, poti tawerengera malo okhawo amene mwayi unatigwera ndipo tasiya kunja malo amene gwape alipo koma sanaoneke n'kamodzi komwe. Masamu akakonza zimenezi, p amatsika kufika pa 0.3. Mwayi wophonya chigawo chimodzi ndiye ndi 0.7, ndipo wophonya zigawo zonse zisanu ndi 0.7 kuchulukitsa yokha kasanu, zimene zikupereka pafupifupi 0.17. Kunena kwina, pa malo 100 alionse amene gwape alipo, kamera ingamuone pa malo 83 okha pakutha kwa mwezi. Malo 25 tawaona aja ndi 83 pa 100 ya malo enieni, ndipo malo enieniwo ndi pafupifupi 30. Choncho ψ ndi 30 mwa 60, theka lenileni, osati 42 pa 100.

Pa makamera 35 a maziro okhaokha aja, asanu anali pamalo pamene gwape alipo. Masamu sangaloze chala kuti ndi ati. Amangonena kuti kamera iliyonse yopanda kanthu ili ndi mwayi umodzi mwa 7 woti inaphonya nyama yomwe inalipo. Kwa amene amakonda kuona zinthu zitalembedwa, mtima wa njira yonseyi uli m'kamzere aka:

```
Pr(00000) = ψ(1 − p)^5 + (1 − ψ)
```

Mbali yoyamba ikunena kuti nyama inalipo koma inaphonyedwa kasanu, yachiwiri ikunena kuti kunalibe. Kompyuta imalemba mwayi wa kamzere ka kamera iliyonse motere, kenako imafufuza ψ ndi p amene akugwirizana bwino koposa ndi timizere tonse 60. Mapulogalamu odziwika pa ntchitoyi ndi PRESENCE ndiponso unmarked, imene imagwira ntchito mkati mwa R.

Wina angati kusiyana kwa 42 ndi 50 si kwakukulu. Kuopsa kwake kumaonekera chaka chachiwiri. Tinene kuti makamera abwerera pamalo omwe aja, ndipo gwape waonekera pa 17 okha. Woyang'anira nkhalango akamva zoti achoka pa 25 kufika pa 17, maganizo ake athamangira kwa otchera makhwekhwe, ndipo mwina akulondola. Koma yankho lili m'timizere. Ngati makamera 17 aja ali ndi ma 1 okwana 30, ndiye kuti kamera iliyonse ikumuonabe gwape pafupifupi kawiri ngati chaka chatha, p akadali 0.3, ndipo malo enieni atsikadi kufika pa 20. Koma ngati ma 1 ali 23 okha, makamera ambiri akumuona kamodzi basi, p watsika kufika pa 0.15, mwayi wophonya mwezi wonse wakwera kufika pa 0.44, ndipo malo 17 aja akuimirabe malo 30. Gwape sanachoke. Mwina mvula inachedwa kusiya ndipo tchire latseka maso a kamera, mwina agula makamera a mtundu wina ochedwa kudzuka.

Apa ndiyenera kuthirapo madzi pang'ono. Kusiyana kwa 23 ndi 30 n'kochepa, ndipo ndi makamera 60 okha, mwayi wamba ukhoza kukankhira nambala uku kapena uko. N'chifukwa chake ψ wosonyezedwa yekha, wopanda malire a kukayika kwake, sindimukhulupirira. Komanso kutsika kwa p si nkhani yabwino nthawi zonse. Pamalo pamene panali agwape anayi n'kutsala m'modzi, ψ sasintha chifukwa nyama ilipobe, koma kamera imuona mwa apo ndi apo. Njirayi imawerenga malo, siwerenga nyama, ndipo p akamatsika chaka ndi chaka popanda chifukwa chooneka, ndi bwino kukafufuza kutchireko.

Masamuwa amaimanso pa mfundo yakuti m'masiku 30 aja zinthu sizikusintha: malo amene ali ndi gwape tsiku loyamba akhala nayebe tsiku lomaliza. Ndicho chifukwa chake makamera sakhalitsa miyezi yambiri pa ulendo umodzi. Kwa nyama ya dera laling'ono ngati gwape wa m'nkhalango, sakhwi kapena bwampini, mfundoyi imagwira bwino. Kwa nyalugwe n'zina. Nyalugwe m'modzi amayenda dera lalikulu moti angaonekere pa makamera 8 m'mwezi umodzi. Pamenepo ψ sakunenanso za malo okhala, akungonena za malo amene nyamayo imadutsako, ndipo wolemba lipoti woona mtima amanena choncho.

Zolakwa zina zimachitikira pa tebulo. Batire ikatha tsiku la 14, kapena njovu ikatembenuza kamera n'kuiyang'anitsa kumwamba, zigawo zotsalazo si maziro. Palibe amene ankayang'ana, choncho amalembapo NA, ndipo masamu amazidumpha. Kulembapo 0 n'kunamizira nyama kuti sinabwere. Choipa kwambiri ndi 1 wabodza. Chithunzi cha usiku chilibe mtundu, ndipo msana wa gwape wa mtundu wina umafanana ndi wa mnzake. Njira ya 2002 ija imalola kuti kamera iphonye nyama, koma silola kuti munthu aone nyama imene kulibe. Ma 1 abodza ochepa chabe amawonjezera malo, amatsitsa p, ndipo p wotsikayo amakwezanso ψ kachiwiri. Chithunzi chokayikitsa ndi bwino kungochisiya.

Nyama zosowa, zimene oteteza chilengedwe amazifunitsitsa, n'zimene njirayi imavutika nazo. Ngaka ikaonekera pa makamera atatu, paliponse kamodzi kokha, palibe chobwereza choti n'kuyezera p. Kompyuta singasiyanitse nyama yomwe ili paliponse koma yovuta kuiona, ndi nyama yomwe ili pa malo atatu okha. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: ψ amathamangira pa 1, p amagwera pafupi ndi 0, ndipo malire a kukayika amatambalala kuchokera pansi mpaka pamwamba. Ena amatalikitsa zigawo, kuchoka pa masiku 6 kupita pa 10, kuti p akwereko. Zimathandiza nthawi zina, koma sizibweretsa chithunzi chimene sichinajambulidwe.

Pomwe zithunzi zilipo zokwanira, akatswiri amapita patsogolo n'kulola kuti ψ ndi p azisintha malinga ndi malo. Nkhalango ya Mwanihana imakwera kuchokera cha pa mamita 300 m'tsinde, pafupi ndi midzi ndi minda, mpaka kupitirira mamita 2,000 pamwamba. Choncho funso limakhala lakuti, ngati nyama ikuoneka pang'ono kufupi ndi malire a nkhalango, kodi kumeneko kulibe, kapena ilipo koma ndi yamantha ndipo ikupewa tinjira? Mtunda wochokera kumalire amauyesa pa ψ, n'kuuyesanso pa p, kenako n'kuyerekeza kuti ndi uti akufotokoza bwino timizere. Koma chilichonse chowonjezera chimafuna makamera ambiri, ndipo malo 60 sangasenze zinthu zoposa ziwiri kapena zitatu.

Mu unmarked, chitsanzo chathu cha gwape chija, chopanda zowonjezerazi, chimalembedwa ndi kamzere kamodzi. Mbali yoyamba ndi ya p, yachiwiri ndi ya ψ, ndipo ongoyamba kumene amakonda kuzisinthanitsa akayamba kuikamo zinthu monga kutalika kwa phiri kapena mtundu wa kamera.

```
occu(~1 ~1, data = umf)
```