Mnzako akati “mtima wanga suli bwino”, umamuyankha chiyani?

Nkhani yotere kawirikawiri imabwera cha kumapeto kwa macheza, anthu atatsala pang'ono kutsanzikana. Tiyerekeze anyamata awiri a kabaza pasiteji ina ku Lilongwe, madzulo makasitomala atatha. Mmodzi akupukuta galasi la njinga yake lomwe ndi loyera kale, ndipo osayang'ana mnzake akuti: “Aise, masiku ano sindikugona. Ndikadzuka m'mawa ndimangoona ngati palibe chodzukira.”

Mawu amenewa mwina wakhala nawo pakhosi kwa mwezi wathunthu. Zimene mnzakeyo anene mu mphindi yotsatira ndi zimene zichititse kuti apitirize kulankhula kapena aseke n'kunena kuti “ndimangocheza”.

Mayankho amene amafulumira kutuluka pakamwa ndi odziwika. “Limba mtima, ndiwe mwamuna.” “Usamaganize kwambiri.” “Ena ali pamavuto oposa ako.” “Tiye tikamwe kamodzi, ziiwalika.” Onena mawuwa sakhala ndi nkhanza, ndipo nthawi zambiri amakhala achita mantha, akufuna kuti mnzawo akhale bwino msangamsanga. Koma womvayo amamva zina. Akauzidwa kuti asamaganize kwambiri, amamva kuti vuto ndi iye amene akulephera kuletsa mutu wake, chinthu chimene wakhala akuyesa usiku uliwonse. Akauzidwa za ena ovutika koposa, pamwamba pa chisoni chake pamasanjikizika manyazi. Ndipo mawu oti “mwamuna salira” ndi owawa kwambiri m'dziko limene malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna.

Yankho labwino ndi lalifupi kuposa onsewa. Mnzakeyo azimitse foni kapena aiike m'thumba, akhale pansi, anene kuti: “Wachita bwino kundiuza, aise. Zayamba liti?” Akatero akhale chete.

Kukhala chete kumeneku ndiye kovuta. Munthu wokhumudwa amalankhula modukizadukiza, amayamba nkhani ya ngongole ya njinga, n'kulumphira ku maliro a mayi ake, n'kubwerera ku tulo. Womvetsera amafuna kudzaza mpata uliwonse ndi malangizo kapena ndi nkhani yake (“inenso chaka chatha...”), ndipo posakhalitsa wolankhula amasanduka womvetsera. Chothandiza ndi kumubwezera zimene wanena m'mawu ake omwe: “Ndiye kuti chimwalirireni mayi sunapezeko mpata wopuma, ndipo mwini njinga akufuna ndalama zake Loweruka lililonse.” Munthu akamva vuto lake likunenedwa molondola ndi pakamwa pa wina, amadziwa kuti wamvedwa, ndipo nthawi zambiri amawonjezera chimene anali atabisa.

Kuti kumvetsera kotere kumathandizadi kunaonekera bwino ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anataya wodwala wake wina, mtsikana amene anadzipha pamene a kwawo analibe ndalama ya basi yomubweretsera kuchipatala ku Harare. Imfayo inamuonetsa kuti madokotala ochepa a m'tauni sangafikire aliyense. Mu 2006, ku Mbare mumzinda wa Harare, anayamba kuphunzitsa agogo aakazi amene ankagwira kale ntchito za umoyo m'madera kuti azikhala pabenchi yathabwa kunja kwa chipatala n'kumacheza ndi anthu ovutika maganizo. Ntchitoyo inatchedwa Friendship Bench, kutanthauza benchi ya ubwenzi. Agogowo sankagwiritsa ntchito mayina achizungu a matenda. Ankati kufungisisa, liwu la Chishona lofanana ndendende ndi lathu lija la kuganiza kwambiri.

Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anatsatira anthu 573. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhalapo pabenchi, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, pamene mwa amene analandira chithandizo cha masiku onse anali pafupifupi theka. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi.

Agogowo anaphunzitsidwa ndipo ali ndi owayang'anira, choncho bwenzi wamba asadziyese mmodzi wa iwo. Komabe dongosolo lawo lili ndi phunziro kwa aliyense. Amayamba ndi kumutsegula munthu maganizo, kumulola atchule zonse zimene zikumulemera. Kenako samusankhira chochita. Amamufunsa kuti mwa mavuto onsewo, ndi liti limene iye akufuna kuyamba nalo, ndipo njira zothetsera zimachokera kwa mwini wake. Kwa mnyamata wa kabaza uja, funso lingakhale lakuti: “Pa zonse wanenazi, chikukusowetsa tulo kwambiri ndi chiti?” Akati ndi ngongole, funso lotsatira ndi lakuti iye waganizapo zotani. Mwina anene kuti akufuna kukapempha mwini njinga kuti achepetse ndalama ya pa sabata kwa mwezi umodzi, koma akuopa. Apa mnzake ali ndi chopereka chenicheni: “Tipitire limodzi Lachinayi.” Mawu oti “ukafuna chilichonse undiuze” amamveka okoma, koma munthu wokhumudwa sakhala ndi mphamvu zopempha. Tsiku lotchulidwa ndi chinthu chimodzi chodziwika zimamupeputsira ntchito.

Pali malire amene chikondi chimakonda kuwadumpha, ndiwo a udokotala. Bwenzi limati “iwe uli ndi dipuresheni”, kapena “mlamu wanga anamwa timapiritsi tina, ndikubweretsera”. Izi ndi zoopsa pa zifukwa zomveka. Kufooka, kusowa tulo ndi kusakondwa zimatha kuchokera ku zinthu zosiyanasiyana: kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, mowa, chisoni cha maliro, ngakhale mankhwala ena amene munthu akumwa kale pa matenda ena. Wachipatala amafunsa mafunso, amayeza, nthawi zina amatenga magazi, asanatchule dzina la matenda. Bwenzi pasiteji silingasiyanitse zimenezi ndi maso.

Mankhwala nawo ali ndi malamulo awo. Amitiriputilini, amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala za boma, sagwira ntchito tsiku lomwelo. Pamapita masabata angapo munthu asanayambe kumva kusintha, mlingo wake umasiyana munthu ndi munthu, ndipo pali odwala ena, monga a vuto la mtima, amene sayenera kungomwa. Mapiritsi ogonetsa monga valiyamu amazolowereka m'thupi mpaka munthu kulephera kugona popanda iwo. Choipa china, chimene chimachitika ndi mtima wabwino ndithu, ndi kuuza munthu kuti asiye mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala chifukwa “akuoneka bwino tsopano” kapena chifukwa wapemphereredwa. Kusiya mwadzidzidzi kumatha kubweza matendawo. Kupemphera naye, ngati iye akufuna, ndi chitonthozo chachikulu kwa anthu ambiri, ndipo sikulimbana ndi chipatala. Kumawononga pamene kwasanduka chiweruzo chakuti akuvutika chifukwa chikhulupiriro chake ndi chochepa.

Kukana udokotala sikutanthauza kukhala chete pa nkhani ya chipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limanena kuti kukhumudwa kapena kusasangalala ndi zinthu zimene munthu ankazikonda, kukapitirira masabata awiri, pafupifupi tsiku lililonse, n'kumasokoneza ntchito, kudya ndi kugona, kungakhale matenda, ndipo matendawo ali ndi chithandizo. Bwenzi likhoza kunena zimene laona osatchula dzina la matenda: “Watha mwezi usakugona, waonda, ndipo ntchito ukujomba. Ine si dokotala, koma ndikuona kuti ndi bwino akakuone achipatala. Ndikuperekeza.” Ambiri amaopa poganiza kuti akangotchula za maganizo atumizidwa ku Zomba Mental Hospital n'kutchedwa amisala. Ndi bwino kumufotokozera kuti poyambira ndi pachipatala chapafupi kapena chachikulu cha m'boma lake, kumene kumakhala anamwino kapena madokotala othandizira odziwa za matenda a maganizo, ndipo ambiri amathandizidwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God amene amapereka uphungu ndi chithandizo cha mtundu umenewu.

Funso limodzi anthu amaliopa kuposa onse. Mnzako akanena mawu monga “bola kungochoka”, “ndine mtolo kwa anthu” kapena “mudzandisamalire ana”, kapena akayamba kugawa katundu wake, afunsidwe mosazungulira, ndi mawu ofatsa: “Aise, kodi ukuganiza zodzipha?” Ambiri amakhulupirira kuti kufunsa choncho ndi kumupatsa munthu maganizo amene analibe. Akatswiri anafufuza ndipo anapeza kuti si zoona. Amene analibe maganizowo amangoti ayi, ndipo amene anali nawo nthawi zambiri amapepukidwa kuti wina watchula chimene iye amaopa kutchula.

Akayankha kuti inde, makamaka ngati waganizira kale njira kapena tsiku, nkhani yasintha. Asasiyidwe yekha. Mankhwala a m'munda, mapiritsi ndi zina zimene angadzivulaze nazo zichotsedwe pafupi. Wachibale amene iye amamukhulupirira adziwitsidwe, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Apa pokha ndi pamene chinsinsi chimaswedwa, ndipo ndi bwino kumuuza poyera: “Sindingasunge ndekha zimenezi, chifukwa ndikufuna ukhale ndi moyo. Tiuze ndani, achimwene ako kapena akazi ako?” Akhoza kukwiya, koma mkwiyowo umapiririka. Pa zina zonse, zimene wanena zisamveke pasiteji, kutchalitchi kapena kwa alamu. Munthu amene nkhani yake yayenda m'mudzi sadzatsegulanso pakamwa, kwa mnzakeyo ngakhale kwa dokotala.

Womvetserayo nayenso ndi munthu wotopa, ali ndi ngongole zake. Sangayankhe foni usiku uliwonse kwa miyezi, ndipo kunena kuti “lero sinditha, koma mawa masana ndibwera” kuli bwino kuposa kuyamba kumuzemba. Ndi chifukwa chake pamafunika wachiwiri ndi wachitatu odziwa nkhaniyo, mwini wake atavomereza.

Chimene chimaiwalika kwambiri ndi tsiku lotsatira. Amene waulula zakukhosi amadzuka ndi manyazi, akudzifunsa ngati sanalankhule zambiri, ndipo amayang'anitsitsa nkhope ya mnzake kuti aone ngati yasintha. Mnyamata wa kabaza uja akafika pasiteji m'mawa, mnzake amupatse moni monga mwa masiku onse, amuseke za timu yake imene yagonja, agawane chimanga chootcha. Ena akatalikira, amufunse motsitsa mawu kuti usiku wagona maola angati, n'kumukumbutsa kuti Lachinayi anyamuka limodzi 7 koloko.