Pulinta Yokana Ntchito Lachiwiri: Ulendo wa Vuto Limodzi m'Kaundula wa Ubuntu

Mu 2008, anthu ena ogwiritsa ntchito Ubuntu anayamba kudandaula za chinthu chachilendo. Akalemba kalata mu pulogalamu ya OpenOffice n'kuitumiza ku pulinta ya Brother, pepala silinkatuluka. Mapulogalamu ena ankasindikiza bwinobwino pa pulinta yomweyo. Chozunguza mutu kwambiri chinali chakuti vutoli linkabwera n'kupita lokha: lero zakanika, mawa zatheka, sabata yamawa zakanikanso.

Ubuntu ndi pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta, yomwe kampani ya Canonical ya Mark Shuttleworth wa ku South Africa inayamba kutulutsa mu 2004. Madandaulo onse okhudza Ubuntu amalembedwa m'kaundula wotchedwa Launchpad. M'menemo lipoti lililonse limapatsidwa nambala yake, ndipo pamwamba pake pamakhala mawu osonyeza pomwe nkhani yafika. Dandaulo la pulintali linalandira nambala 255161. Kutsatira ulendo wake kumaonetsa bwino momwe vuto la mu pulogalamu limayendera, kuchokera tsiku lomwe lanenedwa mpaka tsiku lomwe latsekedwa.

Lipoti latsopano limayamba ndi mawu akuti `New`. Apa palibe amene watsimikiza kanthu. Wangonena ndi munthu mmodzi. Lipoti lothandiza limafotokoza zinthu zitatu: zomwe munthuyo anachita mwatsatanetsatane, zomwe ankayembekezera, ndi zomwe zinachitika m'malo mwake. Limatchulanso mtundu wa pulogalamu ndi wa chipangizo. Ngati zimenezi palibe, lipoti limaikidwa pa `Incomplete` ndipo mwini wake amafunsidwa mafunso. Masiku ano lipoti lotere likakhala masiku 60 osayankhidwa, Launchpad imalichotsa yokha pamndandanda wa ntchito n'kulilemba kuti `Expired`. Mavuto ambiri enieni amafera pamenepa, chifukwa wodandaula anataya mtima n'kusiya kuyankha.

Munthu wachiwiri akaona vuto lomwelo pa kompyuta yake, lipoti limakwera kufika pa `Confirmed`. Kwa pulinta ya Brother, mboni sizinasowe. Komabe kuchuluka kwa mboni sikuchiritsa matenda.

Gawo lotsatira ndi lomwe limadya nthawi, ndipo ndi lomwe anthu akunja saliona. Ndi ntchito yosanja. Imafanana ndi ya namwino wolandira odwala pakhomo la chipatala, amene amayang'ana kuti uyu akufunika dokotala pompano, uyu angadikire, uyu walowa khomo lolakwika. Wosanja malipoti amadzifunsa ngati vutoli angathe kulibwereza yekha, ngati linanenedwapo kale ndi wina, ngati lili mu pulogalamu yomwe yatchulidwayo kapena ina, komanso kuti n'lalikulu bwanji. Pa kukula kwake amasankha pakati pa `Critical`, `High`, `Medium`, `Low` ndi `Wishlist`. Akakhutira kuti wokonza ali ndi zonse zofunika kuti ayambe ntchito, amalemba `Triaged`. Ku Ubuntu si aliyense amaloledwa kulemba mawu amenewa. Ndi okhawo odalirika a gulu la Bug Control ndi okonza mapulogalamu, chifukwa kutero n'kulonjeza kuti nkhaniyo yapsa.

Pa funso loyamba lenilenilo, lakuti vutoli lingabwerezedwe, ndi pomwe lipoti 255161 linatitimira. Wofufuza akayesa Lachitatu, pulinta inkasindikiza. Munthu akaikanso mapulogalamu a pulinta usiku n'kuyesa m'mawa mwake, zinkatheka, iye n'kukhulupirira kuti wakonza. Patapita masiku asanu ndi limodzi vuto lija n'kubweranso. Miyezi inadutsa anthu akuloza chala OpenOffice, ena akuloza CUPS, pulogalamu yomwe imatumiza ntchito ku mapulinta.

Mu 2009 bambo wina analemba pa lipotilo kuti mkazi wake wakhala akudandaula kuti OpenOffice simasindikiza Lachiwiri.  Mayiyo anangoona zomwe akatswiri sanaganize zoyang'ana. Mwamuna wake, m'malo moseka, anatsegula fayilo yomwe OpenOffice imatumiza ku pulinta. Fayiloyo imalembedwa m'chinenero cha mapulinta chotchedwa PostScript, ndipo chakumutu kwake kumakhala mzere wa tsiku wooneka motere:

```
%%CreationDate: (Tue Mar 3 19:47:42 2009)
```

Zilembo zitatu `Tue` ndi chidule cha Lachiwiri m'Chingerezi. Atazisintha pang'ono pokha, pepala linatuluka. Apa vuto linali litagwidwa mchira, chifukwa tsopano aliyense akanatha kuliyambitsa ndi kulizimitsa mwakufuna kwake.

Gwero lake linali kutali ndi OpenOffice. Kapulogalamu ka pulinta ya Brother kasanatumize ntchito, kankafunsa lamulo lakalekale la `file` kuti fayiloyo ndi yamtundu wanji. Lamulo la `file` limazindikira mafayilo poyang'ana zilembo zomwe zili pamalo odziwika, pogwiritsa ntchito mndandanda wautali wa zizindikiro. Mu mndandandawo munali mzere wozindikirira mafayilo akale a chinenero cha Erlang, omwe amakhala ndi deti lathunthu la `Tue Jan 22 14:32:44 MET 1991`. Wolemba mzerewo anaiwala kuika chizindikiro `\` patsogolo pa mipata ya pakati pa mawu. Motero `file` inkawerenga mawu oyamba okha, `Tue`, ngati chizindikiro chonse. Fayilo iliyonse yokhala ndi `Tue` pamalo amenewo inkatchedwa ya Erlang, kapulogalamu ka Brother n'kulephera kuizindikira kuti ndi PostScript, ntchito n'kuthera pomwepo mwakachetechete.

Izi zikufotokozanso chifukwa chomwe vutoli silinkagwera aliyense. Lamulo la `file` linkayang'ana malo enieni, owerengedwa chilembo ndi chilembo kuchokera poyambira fayilo. Mizere ya pamwamba ikatalika kapena kufupika ndi chilembo chimodzi chokha, `Tue` ankagwera pena ndipo zonse zinkayenda.

Chopweteka pa nkhaniyi n'chakuti yankho linali kale m'kaundula momwemo. Lipoti lina, nambala 248619, linkanena kuti `file` ikutchula molakwika mafayilo ena kuti ndi a Erlang. Nambala yake ndi yaing'ono, kusonyeza kuti linalembedwa dandaulo la pulinta lisanabwere. Malipoti awiriwa ankanena za matenda amodzi, koma wina ankafotokoza chizindikiro, wina gwero, ndipo panalibe mawu ofanana owalumikiza. Zitadziwika, 255161 linalembedwa kuti ndi kubwereza kwa 248619, ndipo nkhani yonse inasamukira kumeneko. Anthu ena amakhumudwa lipoti lawo likatchedwa lobwereza, ngati kuti akanidwa. Kunena zoona, imeneyi ndi nkhani yabwino: mboni zonse zasonkhana pamalo amodzi, ndipo wokonza sakuthamangitsa agwape awiri pomwe pali mmodzi.

Kukonza kwenikweniko kunali kochepa kwambiri: kuika `\` patsogolo pa mipata ija kuti deti lonse liziwerengedwa pamodzi. Zimachitika kawirikawiri kuti kufufuza kumatenga miyezi, kukonza n'kutenga mphindi. Wokonza akatenga ntchito, lipoti limakhala pa `In Progress` ndipo dzina lake limaoneka pamenepo, kuti anthu awiri asagwire ntchito imodzi. Zosinthazo zikalowa m'nkhokwe ya mapulogalamu, limasanduka `Fix Committed`. Mawu amenewa amasokoneza ambiri. Satanthauza kuti kompyuta ya wodandaula yachira. Amangotanthauza kuti mankhwala apangidwa koma sanafike kwa iye.

Pakati pa kupangidwa ndi kufika pali kutsimikiza, ndipo vuto la Lachiwiri likuonetsa bwino chifukwa chake gawoli silofunika kulidumpha. Tiyerekeze kuti wokonza wasintha chinthu cholakwika, n'kupempha anthu kuti ayese, iwo n'kuyesa Lachinayi. Onse anena kuti zatheka, lipoti litsekedwa, Lachiwiri likubwerali pulinta ikananso. Kutsimikiza koona kumayamba ndi kuonetsa vuto likuchitika pa pulogalamu yakale, kenako kubwereza njira yomweyo, osasintha kanthu, pa yokonzedwayo. Pano ndiye kuti kudikira Lachiwiri, kapena kusintha deti la kompyuta, kapena kupatsa `file` fayilo yomwe inkailakwitsa ija n'kuona ngati tsopano ikuti PostScript. Woyesa wosamala amaonanso ngati fayilo yeniyeni ya Erlang ikuzindikirikabe, chifukwa kukonza kumodzi kumatha kuthyola china chomwe chinkayenda bwino. N'chifukwa chake magulu ambiri salola kuti amene wakonza akhalenso wotsimikiza: munthu amayesa njira yomwe anaiganizira, ndipo vuto limabisala m'njira yomwe sanaiganizire.

Ubuntu ili ndi dongosolo lake pa zosintha zopita ku mtundu womwe anthu akugwiritsa kale ntchito. Pulogalamu yokonzedwa imayamba yaikidwa m'nkhokwe yoyesera yotchedwa `-proposed`, ndipo lipoti limapachikidwa chizindikiro `verification-needed`. Wina akayesa n'kufotokoza zomwe wachita, chimasintha kukhala `verification-done`. Zikakanika, `verification-failed`, ndipo nkhani imabwerera kwa wokonza. Nthawi zambiri pulogalamuyo imayenera kukhala m'nkhokwe yoyeserayo masiku osachepera 7 isanasamutsidwire ku `-updates`, komwe makompyuta a anthu onse amakatenga. Pamenepo ndi pomwe lipoti limafika pa `Fix Released`, komwe ndi kutseka kwa ku Launchpad.

Makaundula ena amatchula masitepe omwewa mosiyana. Bugzilla, yomwe Mozilla inatulutsa mu 1998, imalemba `RESOLVED FIXED` wokonza akamaliza ndi `VERIFIED` woyesa akavomereza, ndipo dongosolo lake lakale linali ndi `CLOSED` pamapeto. Kutsekedwa sikutanthauza kukonzedwa nthawi zonse. Lipoti likhoza kutsekedwa ngati `WONTFIX`, eni pulogalamu atagamula kuti sasintha, kapena ngati `WORKSFORME`, wofufuza atalephera kuliona vutolo. Dandaulo la pulinta likanatha kuthera pa chigamulo chotere mosavuta, ndipo wofufuzayo sakananama: kwa iye, Lachitatu, zinkathekadi. N'chifukwa chake kaundula wabwino amalola lipoti lotsekedwa kutsegulidwanso pakabwera umboni watsopano.

Owerenga amene pulogalamu ya pa foni kapena ya ku ofesi ikumuvuta mwa apo ndi apo alembe tsiku, nthawi, dzina la fayilo ndi zomwe anadina, ulendo uliwonse zikakanika komanso zikatheka, n'kuzipereka zonse mu lipoti lake. Okonza akamufunsa mafunso ayankhe msanga, ndipo akamupempha kuti ayese zomwe akonza, ayese m'njira yomweyo yomwe inkakanika asananene kuti zatheka.