Databesi Yadzuka Koma Pulogalamu Ikukanabe Kugwira Ntchito

Pali vuto lina limene limadabwitsa anthu oyang'anira makompyuta m'makampani. Databesi, komwe kumasungidwa maina a makasitomala ndi mbiri ya malonda, amaizimitsa kwa mphindi imodzi kuti aikonze, kenako n'kuiyatsanso. Akaiyesa, ikuyankha bwinobwino. Koma pulogalamu imene makasitomala amagwiritsa ntchito imangokanabe mpaka kutacha. Wina akaizimitsa nayonso n'kuiyatsa, zonse zimayamba kuyenda, ndipo ambiri nkhani amaisiyira pomwepo. Chimene chimakhala chitachitika n'chakuti pulogalamuyo ikugwiritsabe njira zolankhulirana zimene zinafa kalekale, ndipo palibe amene anaiuza kuti izidziyesa.

Kuti pulogalamu ilankhule ndi databesi imatsegula konekishoni. Kutsegulako kumadya nthawi: makina awiriwo amayamba agwirizana pa netiweki, kenako amakonza zobisa uthenga, kenako databesi imaona dzina ndi pasiwedi. PostgreSQL imafika poyambitsa pulosesi yapadera yosamalira konekishoni iliyonse. Kuchita zonsezi pa funso lililonse kungachedwetse ntchito, choncho pulogalamu imatseguliratu makonekishoni angapo n'kuwasunga pamalo amodzi otchedwa pulu. Mbali ya pulogalamu ikafuna kufunsa kanthu imabwereka imodzi, ikamaliza imabweza.

Konekishoni imene yangokhala osagwiritsidwa ntchito ili ngati foni imene anthu awiri aisiya osadula, aliyense ali chete. Mnzako akachoka, iwe sungadziwe mpaka utanena kuti "halo". Mu Java zinthu zilidi choncho. Databesi ikamatseka imatumiza uthenga wotsanzika, makina olandira amausunga, koma pulogalamu siuwerenga kufikira wina atayesa kugwiritsa ntchito konekishoniyo.

Tiyerekeze kampani imene pulogalamu yake ya Java imagwiritsa ntchito pulu ya Tomcat JDBC pamodzi ndi PostgreSQL, ndipo sanasinthe chilichonse pa makonzedwe amene puluyo imabwera nawo. Pulu imeneyi imatsegula makonekishoni 10 poyamba ndipo imasiya 10 ali chire ngakhale ntchito itachepa. Nthawi ya 2 koloko usiku databesi yazimitsidwa n'kuyatsidwanso. Makonekishoni onse 10 afa, koma m'kaundula wa pulu onse akuoneka amoyo. Kasitomala woyamba akafika, pulu imapereka imodzi mwa iwo, funso limalephera, ndipo m'logi mumalembedwa mawu ngati awa:

```
FATAL: terminating connection due to administrator command
```

Mpaka apa palibe chodabwitsa. Chopweteka ndi chimene chimatsatira. Pulogalamu imabweza konekishoni yakufayo, ndipo pulu imailandira osaiyesa n'kuiika pamzere pamodzi ndi inzake. Kasitomala wina akabwera amapatsidwa yomweyo kapena inzake yakufanso, ndipo tsopano uthenga umasintha:

```
This connection has been closed.
```

Pulu siona chifukwa chotsegulira yatsopano, poti kwa iyo makonekishoni omasuka alipo okwanira. Imatsegula ina pokhapokha onse 10 atabwerekedwa nthawi imodzi. N'chifukwa chake nthawi zina vutoli limaoneka lachilendo kwambiri masana: anthu akachuluka, mafunso ena amadutsa pa makonekishoni atsopano pamene ena akugwera pa akufa, ndiye wina amati zikutheka, wina amati sizikutheka, ndipo onse akunena zoona.

Kuti munthu atsimikize kuti vuto ndi limeneli, afunse mbali zonse ziwiri. Kumbali ya databesi, tebulo la `pg_stat_activity` limaonetsa amene alumikizidwa panthawiyo. Pulu ikamanena kuti ili ndi 10 koma databesi sikuona ngakhale imodzi yochokera ku pulogalamuyo, mlandu watha. Pa makina a pulogalamu, lamulo la `ss -tn` limaonetsa makonekishoni amene sanakhudzidwebe ali pa `CLOSE-WAIT`, kutanthauza kuti mbali inayo inatseka koma mbali ino sinatsekebe.

Mankhwala ake ndi kuuza pulu kuti iziyesa konekishoni isanaipereke. Mu Tomcat JDBC, `testOnBorrow` imabwera yozimitsidwa, choncho pamafunika kuiyatsa:

```
testOnBorrow="true"
validationQuery="SELECT 1"
validationQueryTimeout="5"
```

Funso la `SELECT 1` silifufuza chilichonse m'matebulo. Ntchito yake n'kungoona ngati kutsidyako kuli woyankha. Likalephera, pulu imataya konekishoniyo n'kutsegula ina, kasitomala osadziwa kuti china chake chachitika. Mtengo wake ndi ulendo umodzi wowonjezera pa netiweki, ndiye mapulu ambiri sayesa konekishoni imene yatsimikizika posachedwapa. Tomcat ili ndi `validationInterval` yoikira malire amenewo. Mukaika nthawi yaitali, mwatsegula mpata woti yakufa idutse osayesedwa.

HikariCP, imene Spring Boot inayamba kuigwiritsa ntchito ngati pulu yake ya nthawi zonse kuchokera pa mtundu wa 2.0 mu 2018, imachita izi popanda kuuzidwa. Imaitana `isValid()` pa konekishoni iliyonse imene yakhala theka la sekondi kapena kupitirira osagwiritsidwa ntchito. Imawerenganso nambala ya vuto imene yabwera: ikaona nambala yoyamba ndi `08`, kapena `57P01` imene PostgreSQL imatumiza ikamatseka, imachotsa konekishoniyo nthawi yomweyo. Ndiponso konekishoni iliyonse imapumitsidwa ikakwanitsa mphindi 30. Ine ndimaona kuti ichi chokha ndi chifukwa chokwanira chosamukira ku HikariCP. Komabe nayo ili ndi malire, chifukwa kuyesa kumangonena za nthawi imene mwayesayo. Databesi ingathe kuzima patangodutsa kamphindi, funso lili m'njira.

Ku Node vutoli limabwera mwa mtundu wina. Node imamvetsera makonekishoni ake nthawi zonse, choncho laibulale ya `pg` imamva uthenga wotsanzika ukangofika n'kuchotsa konekishoni yomasukayo. Koma imalengezanso vutolo, ndipo ngati palibe `pool.on('error', ...)` yoti ilimve, pulogalamu yonse imagwa. Konekishoni imene ili m'manja mwa wobwereka nayo imalengeza vuto lake payokha. Anthu ena akatopa ndi kugwaku amaika chogwira mavuto onse kuti pulogalamu isamagwe zivute zitani. Apa m'pamene pamabadwa vuto loipa kuposa loyamba lija, chifukwa pulogalamu yogwa imadzutsidwanso ndi makina oiyang'anira, pamene iyi imakhala chilili koma osagwira ntchito.

Zimayenda chonchi. Wolemba pulogalamu wabwereka konekishoni ndi `pool.connect()`, ndipo mzere wobwezera wauika kumapeto kwa ntchito. Databesi ikazima funso lili pakati, pulogalamu imadumphira kumalo osamalira mavuto, mzere wobwezera uja osafikidwa. Pulu imawerengabe konekishoniyo ngati yobwerekedwa. Pulu ya `pg` imalola makonekishoni 10, ndiye mafunso 10 akalephera mwa njira imeneyi malo onse atha. Ndipo poti `connectionTimeoutMillis` imabwera ili pa 0, wobwereka wotsatira amadikira mpaka kalekale. M'logi simulembedwa kanthu, tsamba limangozungulira. Chizindikiro chake ndi `idleCount` kukhala pa 0 pamene `waitingCount` ikukwererakwerera. Kuyesa konekishoni sikungathandize pano, poti palibe yoti iyesedwe. Chofunika n'kubweza zivute zitani:

```js
const client = await pool.connect();
let vuto;
try {
  await client.query(sql);
} catch (err) {
  vuto = err;
  throw err;
} finally {
  client.release(vuto);
}
```

`release` ikapatsidwa vutolo, pulu imaiwononga konekishoniyo m'malo moisunga. Kutayikira kotereku kumachitikanso mu Java ngati `close()` sinaitanidwe, kungoti HikariCP imadikira masekondi 30 okha kenako n'kudandaula kuti `Connection is not available`.

Zonse tanenazi zikukhudza databesi imene yatsanzika. Pali imfa ina ya mwakachetechete: magetsi azima pa seva, kapena ntchito yasamutsidwira ku makina ena mwadzidzidzi, kapena fayawolo ya pakati yaiwala konekishoni imene yakhala chete nthawi yaitali. Palibe uthenga uliwonse umene umafika. Pulogalamu ikatumiza funso pa konekishoni yotere, Linux imalitumiza mobwerezabwereza kwa mphindi pafupifupi 15 isanagonje. Ngati funso linali litafika kale ndipo pulogalamu ikungodikira yankho, zinthu zimaipa kwambiri, chifukwa palibe choti chitumizidwenso. Dalaivala wa PostgreSQL wa Java amabwera ndi `socketTimeout` ili pa 0, ndiye kudikirako kulibe mapeto. Linux ili ndi njira yofunsira ngati mbali inayo ilipobe, koma dalaivalayu saiyatsa yekha, ndipo ikayatsidwa imayamba kufunsa patatha masekondi 7200, omwe ndi maola awiri.

Choncho malire a nthawi ndi ofunika mofanana ndi kuyesa. `socketTimeout` iikidwe motalikirapo kuposa funso lalitali kwambiri limene pulogalamu imafunsa mwachilungamo. Ngati lipoti la pamwezi limatenga masekondi 40, kuika 30 n'kudzipweteka nokha. `maxLifetime` ya HikariCP ikhale yaifupi kuposa nthawi imene fayawolo kapena databesi imadulira makonekishoni. MySQL, mwachitsanzo, imadula konekishoni yongokhala pakatha masekondi 28800, omwe ndi maola 8, ndipo n'chifukwa chake mapulogalamu ena amadwala m'mawa uliwonse ngakhale palibe anazimitsa kanthu.

Funso limene linali m'njira panthawi ya ngozi lidzalepherabe, makonzedwe akhale abwino chotani. Kulibwereza n'kosavuta ngati linali longowerenga. Ngati linali lolemba malipiro, m'pofunika kusamala: mwina databesi inalandira `COMMIT` n'kusunga, yankho lokha ndi limene linatayika. Kubwereza mwachimbulimbuli kungalipiritse munthu kawiri, pokhapokha malipiro aliwonse ali ndi nambala yakeyake imene databesi imakana kuilandira kachiwiri.

Poyesa ngati makonzedwe akugwira, ambiri amangoimitsa databesi ndi lamulo n'kuiyatsanso. Kumeneko n'kuyesa imfa yotsanzika yokha. Pa makina oyeserera, tsekaninso doko la 5432 ndi lamulo la `iptables` la `DROP`, limene limameza uthenga osayankha, pulogalamu ili kalikiliki kufunsa. Mukatsegulanso, werengani masekondi amene akudutsa pulogalamu isanayambe kuyankha. Akapitirira malire amene munaika, ndiye kuti pali kudikira kwina kumene simunakuikire malire.