Miyendo yafa, koma chida chikudzuka: zimatheka bwanji?

Bambo akathyoka msana n'kufa miyendo, abale amafunsa adokotala ngati adzayendenso. Funso lina limene iye ndi mkazi wake amakhala nalo, la nkhani za kuchipinda, limathera mumtima. Ndiye tsiku lina, pomusambitsa kapena pomusintha kapaipi ka mkodzo, chida chimadzuka, mwini wake osamva kalikonse. Ena amasangalala kuti machira ayamba, pomwe ena amayamba kukayika kuti mwina bamboyu akunamizira kudwala. Onsewa amalakwitsa, chifukwa kudzuka kotereku kuli ndi njira yakeyake m'thupi, ndipo chimene kumaulula kwenikweni ndi malo amene msana wavulala.

Mkati mwa fupa la msana mumadutsa mtsempha waukulu umene umanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Madokotala amaugawa m'zigawo ndipo amazitchula ndi zilembo ndi manambala: C za m'khosi, T za pachifuwa, L za m'chiuno, ndi S za kumunsi kwenikweni. Mwamuna ali ndi njira ziwiri zodzutsira chida. Yoyamba imayambira m'mutu, pa zimene waona, wamva kapena waganiza, ndipo uthenga wake umatsika mumtsemphawo kukafika ku zigawo za T11 mpaka L2 komanso za kumunsi. Yachiwiri simadikira ubongo. Chida chikakhudzidwa, uthenga umalowa m'zigawo za S2, S3 ndi S4, n'kutembenukira pomwepo kubwerera ku chida, kukauza mitsempha ya magazi kuti imasuke ndipo magazi adzaze. Zigawo zitatuzi zili ngati nyakwawa yoweruza timilandu ta pamudzi popanda kudikira mfumu yaikulu. Msewu wopita kwa mfumu ukaduka, nyakwawayo imapitiriza ntchito.

Tiyerekeze mnyamata wa kabaza amene wagundidwa ndi galimoto, mtsempha wa mumsana n'kudukiratu pa T4, cha pamzere wa mawere. Kuyambira pamenepo kutsika m'munsi samva kukhudza ndipo sasuntha miyendo. Masiku kapena milungu yoyamba chigawo chonse cha m'munsi chimakhala chozizira, minofu ili lendelende, chikhodzodzo chosatulutsa mkodzo. Nthawi imeneyi munthu sangaweruze chilichonse. Mtsempha ukayamba kutsitsimuka, miyendo imayamba kuuma ndi kudzidzimuka yokha, ndipo chida chimayambanso kudzuka chikakhudzidwa ndi dzanja, nsalu, madzi osamba, ngakhale chikhodzodzo chikadzaza. Koma mkazi wake atamuvulira pamaso, chilakolako chili chonse m'mutu, chida sichiyankha, chifukwa uthenga wochokera ku ubongo ukuthera pa T4. Apa m'pamene mabanja ambiri amapwetekana mitima pachabe, mayi n'kumaganiza kuti sakufunidwanso.

Mnzake amene wagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka m'chiuno angathe kukhala ndi nkhani yosiyana kotheratu. Mwa munthu wamkulu, mtsempha wa mumsana umathera pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ndipo zigawo za S zimakhala kunsonga komweko. Kuvulala pamenepo kumaphwanya njira yachiwiri ija. Iyeyu mwina amatha kuyenda ndi ndodo, ndipo anthu amati anapulumuka, koma kukhudza sikudzutsa chida. Ngati zigawo za T11 mpaka L2 zatsala, nthawi zina chimadzukako ndi maganizo, ngakhale kawirikawiri sichilimba mokwanira. Ernest Bors ndi Estin Comarr a ku America, amene anafufuza amuna 529 ovulala msana n'kufalitsa zotsatira mu 1960, anapeza kuti mwa odukiratu mtsempha chakumtunda, oposa 9 mwa 10 aliwonse ankadzuka ndi kukhudza, pomwe mwa odukiratu kumunsi, pafupifupi mmodzi mwa anayi ndiye ankadzuka, ndiponso ndi maganizo okha.

Dokotala angathe kudziwa ngati njira ya kumunsiyi ili moyo popanda makina. Amafinya mutu wa chida n'kuona ngati kotulukira chimbudzi kukufinyika. Kukafinyika, ndiye kuti zigawo za S zikugwira ntchito.

Matenda nawo amatsata lamulo lomweli. Chifuwa chachikulu cha mumsana, chimene chimafoola anthu ambiri kuno kwathu, chimakonda kudya mafupa a pakati pa msana n'kupana mtsempha, ndiye nthawi zambiri njira ya kumunsi imatsala. Likodzo, mazira ake akasochera n'kukafika mumsana, limakonda kunsonga kwenikweni, komwe kuli zigawo za S. Shuga amaononga timitsempha ta mauthenga ndi ta magazi topita ku chida chenichenicho, n'chifukwa chake bambo wa shuga woyenda bwinobwino angathe kuvutika kuposa mnyamata wa pa njinga ya olumala.

Kudzuka kwa kukhudzaku kuli ndi malire ake. Kumabwera nthawi yosafunika, ndipo kukhudza kukangoleka kumatha msanga, nthawi zina ntchito ili pakati. Kutulutsa umuna ndi nkhani ina yovutirapo, chifukwa kumafuna kuti zigawo za m'chiuno ndi za kumunsi zigwirizane, ndipo amuna ambiri odukiratu mtsempha sathira pogonana. Ndiye kudzuka sikutsimikizira kuti mimba ibwera, ngakhale zipatala zina zili ndi njira zotulutsira umuna ndi makina onjenjemera.

Chothandiza n'chakuti mankhwala monga silidenafilo, amene ambiri amawadziwa kuti Vayagira, amagwira bwino mwa amuna amene njira yawo ya kumunsi yatsala. Mankhwalawa sadzutsa chida okha, amangolimbikitsa uthenga umene mitsempha yatumiza kale, choncho kukhudza kumafunikabe. Koma amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo anthu ovulala chakumtunda amakhala kale ndi bipi yotsika. Owamwa pamodzi ndi mankhwala a mtima a mtundu wa naitireti angathe kukomoka ngakhale kufa kumene. Kwa ine, kugula mapiritsiwa pamsika kapena kumwa zitsamba zosadziwika muyezo n'kutchova juga kwa munthu wotere. Ena amagwiritsa ntchito kamphira komanga patsinde pa chida kuti magazi asabwerere. Kasapitirire mphindi 30, chifukwa munthu wosamva ululu sadziwa kuti khungu likuonongeka. Chida chikadzuka kwa maola anayi osagwa, thamangirani kuchipatala.

Ngozi yaikulu ili kwa ovulala pa T6 kapena pamwamba pake, monga mnyamata wa kabaza uja. Chikhodzodzo chodzaza, kudzimbidwa, kapena kukhudza mwamphamvu pogonana kungakweze bipi mwadzidzidzi, ubongo n'kulephera kuitsitsa chifukwa mauthenga ake sakudutsa. Mutu umawawa ngati ukung'ambika, thukuta limatuluka kumaso ndi m'khosi, mphuno zimatsekeka, ndipo mtima nthawi zambiri umagunda pang'onopang'ono. Zikatero lekani zonse, mukhazikeni tsonga miyendo ili pansi, masulani zovala ndi chilichonse chomanga, ndipo onani ngati kapaipi ka mkodzo kapindika kapena katsekeka. Musamugoneke. Mutu ukapanda kuleka pakapita mphindi zochepa, pitani naye kuchipatala, chifukwa bipi yotere ingathe kuphulitsa mtsempha wa muubongo. Kutulutsa mkodzo ndi chimbudzi musanalowe m'bulangete kumachepetsa vutoli, ndipo kumapewetsanso manyazi a kunyowetsa pogona.