Purosesa ya 2014, khadi la 2023: yezani musanagule

Makompyuta ambiri a patebulo amene ali m'nyumba zathu ndi akaunjika. Anagwira ntchito zaka zambiri m'maofesi a kunja, kenako anafika kuno pa mtengo wofikirika. Wina akafuna kusewererapo magemu atsopano amaganiza zogula khadi la zithunzi lamphamvu, ija mbali ya kompyuta imene imajambula zonse zooneka pa sikirini. Funso limene limamusowetsa tulo ndi lakuti, kodi purosesa yakaleyo ilola kuti khadi lodulalo ligwire ntchito ndi mphamvu zake zonse? Yankho silipezeka poyang'ana zaka za zipangizo ziwirizi. Limadalira gemu imene mumasewera, sikirini imene muli nayo, ndi muyeso umodzi umene mungathe kuutenga lero ndalama zikadali m'thumba.

Titenge kompyuta yokhala ndi purosesa ya Intel Core i7-4790, imene inatuluka mu 2014. Ili ndi zigawo 4 zogwira ntchito payokhapayokha, ndipo chigawo chilichonse chimayendetsa mizere iwiri ya ntchito, yonse pamodzi 8. Liwiro lake limayambira pa 3.6 GHz n'kukwera mpaka 4.0 GHz. Mwini wake akufuna kuikamo GeForce RTX 4060, khadi la Nvidia la mu 2023. Pakati pa ziwirizi pali zaka 9.

Zoyenda za mu gemu ndi zithunzi zosinthana mofulumira, zimene osewera amazitcha mafuremu, ndipo furemu iliyonse imadutsa m'manja awiri. Purosesa ndiyo imayamba: imamva batani limene mwadina, imawerengera pamene pali galimoto iliyonse ndi munthu aliyense, imaona chimene chagundana ndi chinzake, kenako imalembera khadi mndandanda wa zoti lijambule. Khadi limalandira mndandandawo n'kupaka mtundu, kuwala ndi mthunzi pa timadontho tonse ta sikirini. Zili ngati mmisiri womanga nyumba ndi mnyamata womupatsira njerwa. Mmisiri angakhale wachangu chotani, khoma limakwera pa liwiro la amene akuchedwa mwa awiriwo.

Kuti muone mafuremu 60 pa sekondi, aliyense mwa awiriwa ayenera kumaliza gawo lake m'mamilisekondi 16.7, chifukwa 1000 kugawa ndi 60 ndi 16.7. Mukafuna mafuremu 144, nthawiyo imatsika kufika pa 6.9. Ngati purosesa imatenga mamilisekondi 14 pokonza furemu imodzi, simudzapitirira mafuremu pafupifupi 71, ngakhale mutagula khadi lodula kuposa onse.

Chinsinsi cha muyeso wathu chagona apa. Ntchito ya khadi imakula sikirini ikachuluka timadontho, koma ntchito ya purosesa sisintha kwenikweni. Chithunzi cha 1280x720 chili ndi timadontho 921,600. Cha 1920x1080 chili ndi 2,073,600, ndipo cha 2560x1440 chili ndi 3,686,400. Khadi limamva kulemera kwa kusiyana konseku. Purosesa ilibe nazo kanthu, popeza magalimoto oti iwerengere ndi omwewo kaya chithunzi ndi chachikulu kapena chaching'ono. Choncho mukalipeputsira khadi lanu lakale ntchito mpaka lizikhala likudikira, mafuremu amene muwaone ndiwo malire a purosesa yanu pa gemu imeneyo, ndipo khadi latsopano lidzapeza malirewo ali pomwepo.

Poyeza, ikani pulogalamu yaulere ya MSI Afterburner limodzi ndi RivaTuner Statistics Server imene imabwera nayo. Mu gawo la Monitoring sankhani `GPU usage`, `CPU usage`, `Framerate` ndi `Frametime`, ndipo pa chilichonse chongani `Show in On-Screen Display` kuti manambala azioneka pakona ya sikirini mukusewera. Mukalowa mu gemu zimitsani `V-Sync` ndi china chilichonse choika malire a mafuremu. Tsitsani kukula kwa chithunzi kufika pa 1280x720, ndipo tsitsaninso zolemetsa khadi monga mithunzi ndi zonyezimira. Koma kuchuluka kwa anthu ndi magalimoto komanso kutalika kwa pamene maso akufika muzisiye mmene mukufuna kudzasewerera, chifukwa zimenezi ndi katundu wa purosesa. Mukazitsitsa mudzinamiza nokha. Kenako pitani pamalo otanganidwa kwambiri a gemuyo, pakati pa mzinda kapena pamene nkhondo yafika povuta, musewere mphindi zingapo. Poyambira gemu pamene palibe chochitika sipangakuuzeni zoona.

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti tione kawerengedwe kake. Inu mudzaika anu. Tinene kuti m'kompyutamo muli khadi lakale la GTX 1050 Ti, ndipo pa muyesowu mwaona mafuremu 72, `GPU usage` ili pa 70 peresenti. Khadi silinadzaze ntchito, ndiye 72 ndi malire a purosesa. Tsopano funani zotsatira za anthu oyesa zipangizo amene anayesa RTX 4060 pa gemu yomweyo ndi purosesa yamakono. Tinene kuti anapeza 110 pa 1920x1080 ndi 75 pa 2560x1440. Nambala yaing'ono ndiyo imalamula. Pa 1920x1080 mudzapeza pafupifupi 72 m'malo mwa 110, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya khadilo likhala likungogona. Pa 2560x1440, 72 ndi 75 zayandikana, ndipo purosesa yakale yomweyo yakhala bwenzi loyenera la khadi lomwelo.

Sikirini nayonso ili ndi mawu pa nkhaniyi. Ya 60 Hz imaonetsa zithunzi zathunthu 60 pa sekondi basi, ndiye malire a 72 sangakuvuteni. Mphamvu yotsala ya khadi mukhoza kuigwiritsa ntchito pokweza mithunzi ndi kukongola kwa chithunzi popanda kutaya mafuremu. Koma ngati munagula sikirini ya 144 Hz kuti musewere magemu owomberana mothamanga, purosesayi ikuimitsani theka la njira, ndipo ndalamazo ndi bwino ziyambire pa purosesa.

Nthawi zina khadi lakale limakhala lofooka kwambiri moti ngakhale pa 1280x720 `GPU usage` imakhalabe pa 97 kapena 99 peresenti. Zikatero simunafike pa malire a purosesa. Chimene mwadziwa n'chakuti purosesayo ingathe kufika pa nambala imene mwaionayo kapena kuposa. Tsitsaninso chithunzi ngati gemu ikulola, kapena bwerekani khadi la mnzanu madzulo amodzi.

Ambiri amasokera chifukwa cha nambala ya `CPU usage`. Amaona 45 peresenti n'kunena kuti purosesa ikadali ndi mphamvu yambiri. Magemu ambiri ali ndi ntchito imodzi yaikulu imene singagawidwe, ndipo imayenda pa mzere umodzi. Mzere umodzi mwa 8 ukadzaziratu, pa chiwerengero chonse umaoneka ngati 12.5 peresenti chabe, komabe gemu yonse ikudikira mzere umenewo. Mu Task Manager, pa Performance, dinani batani lakumanja la mausi pa chithunzi cha CPU, musankhe `Change graph to` kenako `Logical processors`, kuti muone mzere uliwonse pawokha. Ngakhale apo Windows imasamutsa ntchito kuchoka pa mzere wina kupita pa wina, ndiye mboni yodalirika kwambiri ndi khadi. Likamakhala pa 95 peresenti kupita m'mwamba ndiye kuti likudya n'kukhuta. Likamayendayenda pakati pa 60 ndi 80 popanda malire a mafuremu amene mwaika, pali chimene likudikira.

Yang'aniraninso `Frametime`. Purosesa ya zigawo 4 ikhoza kupereka mafuremu 72 mwa apo ndi apo koma n'kumadodoma gemu ikamalowetsa malo atsopano. Furemu imodzi ikatenga mamilisekondi 50 pakati pa zinzake za 14, dzanja ndi diso zimamva kugwedezeka kumeneko. Khadi latsopano silichotsa kudodoma kotere ngati kukuchokera ku purosesa.

Musanaiweruze purosesa, onani zinthu ziwiri zotsika mtengo. Choyamba ndi kutentha. Phala loziziritsa limene lili pakati pa purosesa ndi chitsulo cha fani limauma pakapita zaka, fumbi limatseka mpweya, ndipo purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse. Kupukuta fumbi ndi kupaka phala latsopano kumabweza liwirolo. Chachiwiri ndi ramu. Purosesayi imatha kulankhula ndi ramu ya DDR3 kudzera m'njira ziwiri nthawi imodzi, koma makompyuta ambiri a muofesi amabwera ndi kandodo kamodzi. Tindodo tiwiri tofanana ta 8 GB, toikidwa m'malo amene buku la bodi likusonyeza, timatsegula njira yachiwiriyo. Mukakonza zimenezi bwerezani muyeso.

Palinso polowera khadi penipeni. Bodi zambiri za nthawi ya i7-4790 zili ndi PCIe 3.0, pamene RTX 4060 inapangidwira PCIe 4.0 ndipo imagwiritsa ntchito tinjira 8 tokha. Ilowa ndipo igwira ntchito, koma pa theka la liwiro la msewu umene inapangidwira, pafupifupi 8 GB pa sekondi. Pa magemu ambiri kusiyanako n'kochepa. Kumaonekera gemu ikafuna malo oposa 8 GB amene ali pa khadilo, n'kuyamba kutumiza katundu uku ndi uko kudzera pa msewu wopapatizawo. Makhadi ena savomerezana bwino ndi bodi zakale: Radeon RX 6500 XT ili ndi tinjira 4 tokha, ndipo makhadi a Intel Arc amafuna `Resizable BAR`, imene bodi za mu 2014 sizinabwere nayo. Onaninso bokosi la magetsi la m'kompyutamo. Nvidia imalangiza la mawati 550 pa RTX 4060, pamene makompyuta ambiri a muofesi ali ndi laling'ono lopanda ngakhale chingwe chodyetsera khadi.

Ogulitsa adzakuuzani za DLSS. Gawo lake lojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikuza limapeputsa khadi lokha, ndiye silikweza malire a purosesa. Gawo la `Frame Generation` limalowetsa mafuremu owonjezera pakati pa enieni, chithunzi n'kumaoneka chosalala, koma gemu siyankha batani mofulumira kuposa kale, ndipo si magemu onse amene ali nalo.

Chigamulo chichokere pa magemu awiri kapena atatu amene mumasewera kwambiri, chifukwa gemu iliyonse ili ndi malire ake. Malire a purosesa akaposa zimene sikirini yanu imaonetsa ndipo `Frametime` ikuyenda mosadumphadumpha, gulani khadilo mtima uli m'malo. Lidzasamukira mu kompyuta yanu yotsatira. Akakhala pansi pa 60 pa gemu imene mumaikonda, sungani ndalama za purosesa, bodi ndi ramu pamodzi, popeza bodi ya LGA1150 silandira mapurosesa amakono ndipo zitatuzi zimasinthidwa limodzi.